Sheya yotchipa ndi iti? Zimene nambala ya P/E sikuuzani

Tebulo la mitengo ya masheya limene Malawi Stock Exchange imatulutsa lili ndi madanga ambiri, koma pali limodzi limene anthu ongoyamba kumene kugula masheya amalikonda kuposa ena onse. Pamwamba pake pamalembedwa P/E. Pansi pake pamakhala manambala osavuta kuwerenga, monga 5, 9, 14 kapena 30. Munthu amayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuima pa nambala yochepetsetsa, amvekere, "Yotchipa ndi iyi." Poti m'tebulomo mabanki, kampani ya shuga, mahotela, makampani a foni ndi a nyumba za lendi onse andandalikidwa pamodzi, chala chija chimachoka pa banki n'kukafika pa shuga mwiniwake osadziwa kuti wawoloka malire.

Nambalayi siinama. Kungoti imayankha funso laling'ono kuposa limene anthu amaifunsa.

Kapezedwe kake n'kosavuta. Mumatenga phindu limene kampani yapanga pa chaka, msonkho utachotsedwa kale, n'kuligawa ndi chiwerengero cha masheya onse a kampaniyo. Mukatero mwapeza phindu la pa sheya imodzi, limene m'malipoti amalilemba kuti EPS. Kenako mumatenga mtengo wa sheya pamsika lero n'kuugawa ndi phindu la pa sheya lija.

P/E = mtengo wa sheya ÷ EPS

Tiyerekeze kampani imene yapanga phindu la K20 biliyoni ndipo ili ndi masheya 2 biliyoni. Sheya iliyonse yapanga K10. Ngati sheyayo ikugulitsidwa pa K80, ndiye kuti P/E yake ndi 8. Kunena kwina, mukulipira K8 kuti mugule K1 ya phindu la pachaka. Phindulo likanati lizikhala lomwelomwelo chaka ndi chaka, pakanatenga zaka 8 kuti kampani ipange ndalama zofanana ndi zimene mwalipira. Musaganize kuti ndalama zonsezo zidzalowa m'thumba mwanu. Gawo lokha ndi limene limaperekedwa kwa eni masheya ngati dividendi, lotsalalo limabwerera m'bizinesi.

Nambalayi mukhozanso kuitembenuza. K10 pa K80 ndi 12.5 peresenti, ndipo ikakhala m'maperesenti chonchi imayerekezeka ndi chiwongoladzanja chimene mukanapeza mutabwereketsa ndalamazo ku boma kapena mutazisunga ku banki. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti. Pa nthawi ngati imeneyo, wogula sheya ya P/E 8 amakhala akuvomera 12.5 peresenti pamene kwina kukupezeka zochuluka, ndipo sangachite zimenezo pokhapokha akukhulupirira kuti phindu la kampaniyo likula. N'chifukwa chake zimene mumamva zoti P/E ya masheya a ku America, mukaiona pa zaka zambirimbiri, imazungulira pa 15 kapena 16 sizingakhale muyezo wa kuno. Kumeneko chiwongoladzanja chakhala chotsika kwambiri poyerekeza ndi chathu, motero anthu amalolera kulipira zambiri pa phindu lomwelo.

Pamwamba pa kachigawo kathu pali mtengo, ndipo mtengo aliyense akuuona. Nkhani yagona pansipo, pa phindu. Munthu akamakugulitsani chigayo pa K8 miliyoni n'kunena kuti chaka chatha chinasiya K1 miliyoni, wakuuzani P/E ya 8, koma palibe wogula wanzeru amene amaima pomwepo. Amafunsa ngati chaka chathacho chinali cha zokolola zambiri kapena cha njala, amayang'ana ngati injini yatsala pang'ono kutha, amafufuza ngati chigayocho chili ndi ngongole, amafunsanso ngati K1 miliyoniyo inalowadi m'manja kapena ina ikadali kwa anthu amene anagayitsa pa ngongole. Mafunso amenewa mayankho ake amasiyana kwambiri malinga ndi mtundu wa bizinesi, ndipo ndi pomwe kuyerekeza banki ndi kampani ya shuga kumasokonekera.

Chifukwa chimene mabuku ambiri amayamba nacho ndi kukula kwa phindu. Tengani makampani awiri amene onse apanga K10 pa sheya. Yoyamba ili pa K80 ndipo phindu lake silikusuntha. Yachiwiri ili pa K200, P/E ya 20, koma phindu lake likukula ndi 30 peresenti chaka chilichonse: K13, kenako K16.90, kenako K21.97, chaka chachinayi K28.56. Amene anagula pa K200 uja, pofika chaka chachinayi amapezeka kuti analipira K7 yokha pa K1 iliyonse ya phindu, kutchipa kuposa mnzake wa K80. Koma kukulako kukangokhala 10 peresenti, phindu la chaka chachinayi limakhala K14.64, ndipo nambala ija imakhala ikadali pafupi ndi 14. P/E yokwera ndi chiyembekezo cha ogula, osati umboni woti chiyembekezocho chidzakwaniritsidwa. Kuno kwathu pali msampha wina wowonjezera. M'chaka chimene mitengo ya zinthu yakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, kampani imene phindu lake lakula ndi 30 peresenti sinakule n'komwe. Yangoima pamene inali, manambala okha ndi amene atupa.

Zimenezo ambiri amazimva msanga. Chimene chimapweteka anthu kwambiri ndi makampani amene phindu lawo limakwera ndi kutsika motsatira nyengo kapena mitengo ya pamsika wa padziko lonse, monga olima ndi kupanga shuga, a migodi ndi a simenti. Pa makampani amenewa P/E imaonetsa zinthu chadodolido.

Kuti timvetse, tiganizire mmene fakitale ya shuga imayendera. Illovo Sugar Malawi ili ndi minda ndi mafakitale ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Kampani ya mtundu umenewu imalipira antchito, kukonza makina, kupopa madzi othirira ndi kusamala misewu ya m'minda, nzimbe zichuluke kapena zichepe. Madzi akasefukira monga zinachitikira m'chigwa cha Shire pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, kapena magetsi akavuta pa nthawi yothirira, nzimbe zimachepa koma zolipira zambiri zimakhalabe pomwepo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a Illovo, koma akusonyeza mmene zimakhalira. Chaka chabwino kampani yagulitsa shuga wa K100 pa sheya iliyonse, zowononga zonse pamodzi ndi msonkho zakwana K80, phindu n'kukhala K20. Chaka chotsatira malonda atsika ndi 15 peresenti yokha kufika pa K85, koma zowononga zangotsika pang'ono kufika pa K79. Phindu latsala K6. Malonda atsika pang'ono, phindu lagwa ndi 70 peresenti.

Tsopano tiike zaka zisanu pamodzi. Phindu la pa sheya likhale K4, K12, K20, K6, ndipo chaka chomaliza kampani iluze K2. Zonse pamodzi ndi K40, kutanthauza K8 pa chaka mukazigawa mofanana. M'chaka cha K20 chija sheya ili pa K120. Tebulo lionetsa P/E ya 6, ndipo munthu woyendetsa chala uja aima pomwepo mosangalala. Koma phindu limene kampaniyi imapanga nthawi zambiri ndi K8, ndipo K120 mukaigawa ndi K8 mupeza 15. Wagula modula pa nthawi imene zinkaoneka zotchipa. M'chaka cha K4 sheya inali pa K72, tebulo likuonetsa 18, anthu n'kumaithawa kuti ndi yodula, chikhalirecho poyerekeza ndi K8 ija nambala yake inali 9.

N'chifukwa chiyani mtengo sunakwere mofanana ndi phindu m'chaka chabwino chija? Chifukwa ogula akuluakulu, monga osunga ndalama za penshoni, amadziwa kuti chaka chotere sichibwera kawirikawiri ndipo salola kulipira ngati kuti chidzakhalapo mpaka kale. P/E yotsika ija inali chenjezo lawo. Wosadziwa anaiwerenga ngati mwayi.

Anzathu a ku Zambia zimenezi amazidziwa kudzera mu kopa. Kumayambiriro kwa 2011 mtengo wa kopa unadutsa madola 10,000 pa tani, ndipo pofika Januwale 2016 unali utatsika pansi pa madola 4,500. Ndalama zokumbira tani imodzi sizinatsike ndi theka monga unachitira mtengowo. Aliyense amene anayeza kampani ya mgodi ndi phindu la 2011 lokha ankayeza ndi chaka chimene sichinabwerenso kwa nthawi yaitali.

Mankhwala ake ndi akale. Benjamin Graham ndi David Dodd, m'buku lawo la mu 1934 lonena za kusanthula masheya, analangiza kuti phindu liziyezedwa pa zaka zingapo osati chaka chimodzi, ndipo pambuyo pake katswiri wa zachuma Robert Shiller anatchukitsa njira yotenga zaka 10, phindu la chaka chilichonse litakonzedwa molingana ndi kukwera kwa mitengo. Kukonza kumeneku kuno sikungadumphidwe. K8 ya zaka zisanu zapitazo si K8 ya lero, ndipo mukangophatikiza manambala mmene alili mupeza phindu lochepa kuposa lenileni. Njira yachidule ndi kuona kuti pa K100 iliyonse ya malonda kampani yakhala ikutsala ndi zingati chaka ndi chaka. Mukaona kuti nthawi zambiri imatsala ndi K9 kapena K10 koma chaka chino yatsala ndi K20, dziwani kuti P/E ya chaka chino ikukometsa zinthu.

Makampani a nyumba ali ndi vuto la mtundu wina. Phindu lawo silidumphadumpha ngati la shuga, koma gawo lalikulu la phindulo nthawi zina si ndalama ayi. Pamsika wathu pali MPICO ndi ICON Properties, amene ntchito yawo ndi kukhala ndi nyumba za maofesi ndi mashopu n'kumatolera lendi. Malamulo owerengetsera chuma, pa gawo lotchedwa IAS 40, amalola kampani yotere kuti chaka chilichonse iitane akatswiri adzayeze mtengo wa nyumba zake. Mtengowo ukakwera, kukwerako kumalembedwa ngati phindu la chaka chimenecho, ngakhale palibe nyumba yagulitsidwa ndipo palibe tambala yalowa ku akaunti. Si chinyengo. Ndi mmene lamulo lilili, ndipo malipoti amazilemba poyera kwa amene akufuna kuwerenga. Koma m'dziko limene mitengo ya simenti, zitsulo ndi malo ikukwera chaka chilichonse, phindu la papepalali likhoza kuposa lendi yeniyeni kutalitali.

Tiyerekezenso. Kampani ya nyumba yalengeza phindu la K15 biliyoni ndipo ili ndi masheya 5 biliyoni, ndiye EPS ndi K3. Sheya ili pa K18, P/E ndi 6. Mukatsegula lipoti la pachaka mukupeza kuti K11 biliyoni mwa ndalamazo ndi kukwera mtengo kwa nyumba, ndipo zimene zatsala pa lendi, zolipira zonse zitachotsedwa, ndi K4 biliyoni. Pa sheya imodzi imeneyo ndi 80 tambala. K18 mukaigawa ndi 80 tambala mupeza 22.5. Dividendi idzachokera mu 80 tambalayo, chifukwa mtengo wa nyumba wolembedwa m'buku sungagawidwe kwa anthu. Ndipotu nayo lendiyo imafuna kuiyang'ana kawiri: lendi imalembedwa ngati yapezeka pamene yayenera kulipidwa, osati pamene yalipidwadi. Wochita lendi wamkulu akachedwa kulipira kwa miyezi yambiri, phindu limaoneka bwino m'lipoti pamene akaunti ili gwa.

Mungadziwe bwanji? Lipoti lililonse la pachaka lili ndi tsamba losonyeza ndalama zimene zalowadi ndi kutulukadi, losiyana ndi tsamba la phindu. Yang'anani ndalama zimene zalowa kuchokera ku ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampani n'kuziyerekeza ndi phindu limene lalengezedwa. Zikamayenda pafupipafupi, phindulo ndi logwirika. Phindu likakhala K15 biliyoni koma zolowa K3 biliyoni, fufuzani kumene zotsalazo zili. Sindikunena kuti kukwera mtengo kwa nyumba n'kopanda pake. Nyumba zimatetezadi chuma kwacha ikamagwa, ndipo ambiri amagula masheya otere chifukwa chomwecho. Koma K1 imeneyo musaiike pa sikelo imodzi ndi K1 imene kampani ya foni yatolera kwa anthu ogula mayunitsi. Pa kampani ya nyumba odziwa amayang'ana kwambiri danga loyandikana nalo, la P/BV, limene limayerekeza mtengo wa sheya ndi chuma chimene chingatsale pa sheya iliyonse ngongole zonse zitabwezedwa. N'chimodzimodzinso ndi NITL, imene chuma chake chachikulu ndi masheya a makampani ena: msika ukakwera phindu lake limatupa, P/E n'kutsika, koma chimene chachitika n'chakuti msika wakwera basi.

Kampani ya foni, monga tanenera, imatolera ndalama zenizeni, ndipo zambiri imalandiriratu munthu asanaimbe. Chake chobisika ndi zida. Nsanja, makina ndi zingwe zimatha ndiponso zimakalamba msanga ukadaulo ukasintha, ndipo zimagulidwa kunja ndi madola. M'mabuku, kutha kwa zida kawirikawiri kumachotsedwa pa phindu pang'onopang'ono molingana ndi mtengo umene zinagulidwira kale. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chida cha madola 1 miliyoni chimene m'buku chinalowa pa K1.18 biliyoni chinayamba kufuna K1.7 biliyoni kuti mupeze china cholowa m'malo mwake, koma zochotsedwa pa phindu zinapitiriza kuwerengedwa pa mtengo wakale. Phindu lolembedwa limakhala lalikulu kuposa limene eni masheya angatenge popanda kufooketsa kampani.

Kugwa kwa kwacha komweko kumamenyanso mbali ina. Kampani imene ili ndi ngongole ya madola imalemba kukula kwa ngongoleyo ngati kuluza kwa chaka chimenecho, ndipo kuluzako kukhoza kumeza phindu lonse ngakhale makasitomala akuchuluka. Zikatero P/E imakwera mopanda tanthauzo, kapena imasowa n'komwe, chifukwa mtengo sungagawidwe ndi phindu limene kulibe. Nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo, monga -12, sikutanthauza kuti sheya yatchipa koposa. Imangonena kuti kampani inaluza.

Ngongole ya kwacha nayo P/E siionetsa. Makampani awiri apange K30 biliyoni aliyense asanalipire chiwongoladzanja ndi msonkho. Yoyamba ilibe ngongole, ndiye ikachotsa msonkho wa 30 peresenti itsala ndi K21 biliyoni. Masheya ake onse ndi a K210 biliyoni, P/E ya 10. Yachiwiri ili ndi ngongole ya K100 biliyoni pa 20 peresenti. Ikalipira K20 biliyoni ya chiwongoladzanja ndi msonkho itsala ndi K7 biliyoni, ndipo masheya ake onse ndi a K42 biliyoni, P/E ya 6. Malonda akavuta, K30 biliyoni ija n'kutsika kufika pa K20 biliyoni, yoyamba idzatsalabe ndi K14 biliyoni. Yachiwiri sidzatsala ndi kanthu. Akatswiri akafuna kuyerekeza makampani otere amaphatikiza ngongole ku mtengo wa masheya onse, n'kugawa ndi phindu la chiwongoladzanja chisanachotsedwe, kuti aone mtengo wa bizinesi yonse osati kagawo ka eni masheya kokha.

Njira imeneyi ikafika pa banki imakanika, ndipo apa m'pamene zimaonekera bwino kuti banki ndi yosiyana ndi ena onse m'tebulo lija. Kwa fakitale, ngongole ndi chinthu chimene ingasankhe kutenga kapena kusatenga. Kwa banki, ngongole ndiye katundu wake. Ndalama zimene inu ndi ine timasungitsa ndi ngongole imene banki ili nayo kwa ife, ndipo ntchito yake ndi kuzibwereketsa kwa ena pa chiwongoladzanja chokwererapo. Motero banki yoyenda bwino ikhoza kusunga chuma cha K1,000 biliyoni pamene cha eni ake enieni ndi K120 biliyoni yokha. Fakitale itakhala ndi ngongole zotere tikanati yagwa kale.

Phindu la banki lilinso ndi gawo lalikulu lodalira kuweruza kwa oyendetsa bankiyo. Chaka chilichonse amayenera kupatula ndalama zoyembekezera ngongole zimene sizidzabwezedwa, ndipo zimenezo zimachotsedwa pa phindu. Akapatula zochepa phindu limakula, P/E n'kutsika. Tiyerekeze kuti banki ija yabwereketsa K400 biliyoni kwa anthu ndi makampani ndipo yalengeza phindu la K40 biliyoni msonkho usanachotsedwe. Ngongole 5 zokha pa 100 zilizonse zikafa mosayembekezeka, imeneyo ndi K20 biliyoni, theka la phindu lonse. Vuto n'lakuti ngongole yoipa siioneka chaka chimene yaperekedwa. Chaka choyamba imabweretsa chiwongoladzanja n'kukometsa lipoti, imadzaonekera patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Banki imene ikubwereketsa mothamanga imaoneka yopindula kwambiri pa nthawi yomwe ikudziunjikira mavuto.

Mabanki a kuno amapezanso gawo lalikulu la ndalama zawo pobwereketsa boma. Chiwongoladzanja chikakwera phindu lawo limakwera nacho, chikatsika limachepa, ndiye nawonso ali ndi zaka zawo zonona zimene siziyenera kutengedwa ngati zamuyaya. Ndipo kubwereketsa boma sikuti kulibe ngozi. Mu Disembala 2022 dziko la Ghana linalengeza kuti lisintha ngongole zake zam'dziko kuti lizibweza mochedwa ndiponso pa chiwongoladzanja chotsika, ndipo mabanki ambiri kumeneko anatseka chaka chimenecho ataluza. P/E yowerengedwa pa phindu la 2021 sinasonyeze chilichonse cha zimenezo. Wofuna kuyeza banki amayang'ana P/BV pamodzi ndi phindu limene banki ikupanga pa K100 iliyonse ya eni ake, kenako amaona kuchuluka kwa ngongole zimene zasiya kubwezedwa, ndalama zimene zapatulidwira ngongole zimenezo, ndi gawo la chuma chake limene lili m'manja mwa wobwereka mmodzi.

Kodi ndiye kuti P/E tiitaye? Ayi. Pakati pa mabanki okhaokha, monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank, nambalayi ili ndi ntchito, chifukwa onse amatsatira malamulo amodzi a Reserve Bank, amakumana ndi chiwongoladzanja chimodzi ndipo amatseka mabuku mwezi umodzi, Disembala. Imodzi ikakhala pa 6 inzake ili pa 12, mwapeza funso labwino loti mulifufuze, ngakhale yankho lake likhoza kukhala loti ya 6 ija ikuyeneradi kukhala pa 6. Kuyerekeza Airtel Malawi ndi TNM kulinso ndi nzeru. Ndipo kampani mukhoza kuiyerekeza ndi mbiri yake yomwe, kuona pamene P/E yake yakhala ikuima zaka zapitazi, bola muzikumbukira kuti chiwongoladzanja cha zaka zimenezo chinali chotani.

Ngakhale mukuyerekeza zofanana, onetsetsani kuti manambala awiriwo ndi a nthawi imodzi. Mtengo ndi wa lero, koma phindu limene lili m'tebulo kawirikawiri ndi la chaka chomaliza chimene maodita anasainira. Mu Febuluwale, phindu la banki limene likugwiritsidwa ntchito likhoza kukhala la chaka chimene chinatha miyezi 14 yapitayo, pamene la Illovo, imene imatseka mabuku mu Ogasiti, ndi laposachedwa. M'nyengo ya kukwera mitengo kusiyana kumeneku kokha kukhoza kuchititsa banki kuoneka yodula, ndipo lipoti latsopano likangotuluka P/E yake imatsika tsiku limodzi mtengo usanasinthe. Makampani amatulutsa zotsatira za theka la chaka komanso zidziwitso zochenjeza phindu likamasintha kwambiri, ndipo ndi zimenezo mungathe kudziwerengera nokha phindu la miyezi 12 yapitayi. Mtengo nawonso muuone bwino. Msika wathu, umene unalandira kampani yake yoyamba, NICO, mu 1996, ukadali waung'ono, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa. Mtengo umene unakhazikika pa malonda a masheya ochepa sabata yatha si umene mungaupeze mutafuna kugula kapena kugulitsa ambiri. Funsani buloka wanu kuti ogula alipo pa mtengo wanji ndipo ogulitsa akufuna zingati.

Pali kampani ina m'tebulomo imene simungaipezere inzake yoiyerekeza nayo. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank of Malawi, ili ndi gawo mu TNM, ilinso ndi makampani opanga ethanolo kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndi mabizinesi ena. P/E yake ndi ya phindu la banki, la foni ndi la fakitale zitasakanizidwa, ndipo nambala imodziyo singakuuzeni kuti gawo liti likukoka linzake. Amene amaiyeza mosamala amaiphwasula. Magawo amene ali pamsika amawawerengera pa mtengo wawo wa lero, kuchulukitsa ndi masheya amene Press ili nawo m'menemo. Amene sali pamsika amawayeza payekhapayekha ndi muyezo woyenera bizinesi yake, pogwiritsa ntchito tsamba la lipoti la pachaka limene limagawa phindu malinga ndi nthambi. Akaphatikiza zonse amachotsa ngongole za kulikulu, n'kugawa chotsalacho ndi chiwerengero cha masheya a Press, ndipo nambala imeneyo ndi imene amaiika pambali pa mtengo wa sheya wa tsikulo.